Shifiti imodzi, masiku awiri: ovataimu ya wogwira ntchito usiku pa intaneti iwerengedwe bwanji?

Nthawi imene maofesi a mu Blantyre akutseka, ku New York dzuwa limakhala lisanafike n'komwe paliwombo. N'chifukwa chake Mmalawi amene walembedwa ntchito yoyankha makasitomala kapena yosunga mabuku a kampani ya ku Amereka, iye ali kunyumba kwake ku Chilomoni kapena ku Area 25, amayatsa kompyuta anzake akuweruka, n'kudzaithimitsa atambala atayamba kulira. Kwa abwana ake, ntchitoyo yagwiridwa masana a tsiku limodzi. Kwa iye, yayamba Lachitatu n'kutha Lachinayi.

Malinga ngati maola sakupyola pa amene anagwirizana, kusiyana kumeneku sikuvutitsa munthu, chifukwa malipiro a pamwezi amabwera monga mwa masiku onse. Mkangano umabuka pakalowa ovataimu, pakagwa tchuthi cha boma, kapena mwezi ukathera mkati mwa shifiti. Apo m'pamene wolipira ndi wolipidwa amatulutsa ziwerengero ziwiri zosiyana, aliyense ali ndi umboni wa wotchi yake, ndipo palibe amene akunama.

Chimene chimasokoneza n'chakuti anthu amaphatikiza mafunso awiri osiyana. Loyamba n'lakuti: munthuyu wagwira maola angati? Funso limeneli lili ndi yankho limodzi lokha, kaya muwerengere ku Blantyre, ku London kapena ku New York. Lachiwiri n'lakuti: maola amenewo ndi a tsiku liti? Ili ndiye lili ndi mayankho angapo, ndipo wotchi singaliyankhe. Amaliyankha ndi lamulo la za ntchito pamodzi ndi kontirakiti. Woyamba kuyankha lachiwiri asanamalize loyamba ndi amene amataya maola kapena kuwawerenga kawiri.

Pakati pa usiku patatu

Kuti nkhaniyi iwoneke bwino, tiyerekeze mayi wina wa ku Blantyre wolembedwa ntchito ndi kampani ya ku New York. Amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 12 koloko masana mpaka 9 koloko usiku pa wotchi ya ku New York, ndipo pakati pake pali ola limodzi lopuma losalipidwa. Choncho amagwira maola 8 pa shifiti, 40 pa sabata. M'mwezi wa Okutobala, Malawi amakhala patsogolo pa New York ndi maola 6. Ndiye kuti pa wotchi ya pakhoma la m'nyumba mwawo, mayiwa amayamba 6 koloko madzulo, kupuma kuyambira 10 koloko mpaka 11 koloko usiku, n'kuweruka 3 koloko m'bandakucha.

Mu usiku umodzi womwewo, tsiku limasintha katatu. Loyamba kusintha ndi la ku Malawi, pamene mayiwa atsala ndi maola atatu kuti aweruke. Lachiwiri ndi la nthawi imene makompyuta a dziko lonse amagwirizanirapo, yotchedwa UTC, imene ili m'mbuyo mwa Malawi ndi maola awiri: tsiku lake limasintha 2 koloko usiku pa wotchi yathu, mayiwa akadali pa ntchito. Lomaliza ndi la ku New York, limene limasintha 6 koloko m'mawa kwathu kuno, mayiwa ali m'tulo. Pulogalamu yolemba maola imadula tsiku pa imodzi mwa nthawi zitatuzi, malinga ndi mmene woyiika anaitcherera, ndipo nthawi zambiri wolipidwa sauzidwa kuti ndi iti.

Zili ngati nsalu ya mamita 10: utali wake susintha, koma zidutswa zimene mutatuluke nazo kwa telala zimadalira pamene waika sizasi. Choncho ntchito yoyamba ndi kuyeza nsaluyo isanadulidwe.

Kuyeza maola enieni

Lamulo la kuyeza n'lapafupi: nthawi yoyambira ndi yomalizira zilembedwe pa wotchi imodzi, ndipo iliyonse ikhale ndi deti lake. Kulemba kuti "ndinayamba 6, ndinaweruka 5" sikokwanira, chifukwa kompyuta ikachotsera 18 pa 5 imapeza nambala yoperewera, -13, ndipo mu Excel mumangooneka timizere ta #### m'malo mwa yankho. Kalembedwe kosasiya mpata wokayikira ndi aka, kamene kamaonetsa deti, nthawi, ndi kutalikirana kwa wotchiyo ndi UTC:

```
2026-10-14T18:00+02:00
2026-10-15T05:00+02:00
```

Mzere woyamba ukunena 6 koloko madzulo pa 14 Okutobala, nthawi ya ku Malawi, ndipo wachiwiri ukunena 5 koloko m'mawa pa 15. Pakati pake pali maola 11. Kalaliki wa malipiro ku New York adzaona 12 koloko masana mpaka 11 koloko usiku pa 14, koma naye adzapeza maola 11 omwewo. Mukachotsa ola lopuma, atsala 10 olipidwa.

Amene amasunga maola ake mu Excel kapena pulogalamu ina yonga iyo angagwiritse ntchito njira ziwiri izi, nthawi yoyambira ili mu A2 ndipo yomalizira ili mu B2:

```
=(B2-A2)*24
=MOD(B2-A2,1)*24
```

Yoyambayo ndi ya pamene mwalemba deti ndi nthawi pamodzi, ndipo ndi yodalirika. Yachiwiriyo imathandiza pamene mwalemba nthawi yokha, chifukwa imakonza vuto la kudutsa pakati pa usiku, koma singadziwe ngati wotchi inasunthidwa usiku umenewo. Cholakwika chofala kwambiri ndi kutenga nthawi yoyambira pa pulogalamu ya kampani, imene ili pa wotchi ya ku New York, n'kutenga yomalizira pa foni yanu. Mukatero shifiti ya maola 11 imasanduka ya maola 17. Mukaona kusiyana kwa maola 6 kapena 7 ndendende pakati pa kaundula wanu ndi wa kampani, musayambe mwakwiya: pali wina amene wasakaniza mawotchi.

Lamulo la dziko liti?

Maola akadziwika, funso lotsatira ndi mtengo wake, ndipo apa maiko sagwirizana. Lamulo la boma lalikulu la Amereka, limene linakhazikitsidwa mu 1938, limawerenga pa sabata: ola lililonse lopyola pa 40 lilipidwe pa mtengo wa ola limodzi ndi theka. Sabata yake ndi maola 168 otsatizana, ndipo wolemba ntchito ali ndi ufulu woiyambira tsiku ndi ola lililonse, bola asamaisinthesinthe pofuna kuzemba ovataimu. Lamulolo silikakamiza kulipira mowonjezera chifukwa choti ndi usiku, Lamulungu kapena tchuthi. Ku Britain lamulo silikakamiza n'komwe kulipira ovataimu pa mtengo wokwera. Zimadalira kontirakiti, malinga malipiro onse asatsike pa malipiro ochepetsetsa amene boma linaika.

Lamulo la za ntchito la Malawi la chaka cha 2000 linatenga njira ina. Limati maola a masiku onse asapyole 48 pa sabata, ndipo limagawa ovataimu patatu. Pali ovataimu wamba, imene ndi nthawi yogwiridwa pa tsiku la ntchito kupyola maola amene munthuyo amagwira masiku onse, ndipo imalipidwa pa mtengo wosachepera ola limodzi ndi theka. Pali ovataimu ya tsiku limene munthu amayenera kukhala akupuma, imene imalipidwa kawiri. Yachitatu ndi ya tsiku la tchuthi cha boma, nayonso kawiri. Mitundu itatu yonseyi yamangidwa pa tsiku, osati pa sabata, ndipo n'chifukwa chake pamene tsiku likudulidwira pali ndalama.

Kawirikawiri lamulo loteteza wolembedwa ntchito ndi la dziko limene iye wakhala pogwira ntchitoyo, osati la kumene kuli likulu la kampani. Lamulo la Amereka lija limanena lokha kuti silikhudza ntchito yogwiridwa sabata yathunthu m'dziko lina. Choncho mayi athu a ku Blantyre, ngati ali wolembedwa ntchito weniweni, potsamira pawo ndi lamulo la Malawi pamodzi ndi kontirakiti yawo, ndipo tchuthi chawo ndi cha pa kalendala ya Malawi. Mawu oti wolembedwa ntchito weniweni ndi ofunika. Anthu ambiri ogwira ntchito za pa intaneti amasainitsidwa mapepala onena kuti iwo ndi ochita bizinesi paokha, ongogulitsa ntchito kwa kampaniyo. Kwa oterewa kampani imakana kuti ilibe nawo mangawa a ovataimu kupatula zimene zalembedwa papepalapo. Dzina la papepala silithetsa nkhani yonse, chifukwa makhoti amayang'ananso kuti amene amakuikirani maola ndi kukulamulirani kagwiridwe ka ntchito ndani, koma kukoka kampani imene ilibe ofesi m'dziko muno kuti ikayankhe mlandu si ntchito yamasewera. Kwa munthu wotere, chitetezo chenicheni ndi chimene chalembedwa asanayambe ntchito.

Sabata ya Tsiku la Anakubala

Tsopano tiwerenge sabata imodzi yeniyeni. Tiyerekeze kuti mayiwa amalandira K1,040,000 pamwezi. Kuti tipeze mtengo wa ola, tichulukitsa ndi miyezi 12, tigawe ndi masabata 52, tipeza K240,000 pa sabata. Tikagawanso ndi maola 40 tipeza K6,000 pa ola. Ovataimu wamba ndiye kuti ndi K9,000 pa ola, ndipo ya tchuthi ndi K12,000. Anthu ena amagawa malipiro a pamwezi ndi masabata anayi, koma mwezi umapyola pa masabata anayi, choncho njira imeneyo imakweza mtengo wa ola molakwika ndipo kalaliki aliyense adzaikana.

Sabata yathu ndi yoyamba Lolemba pa 12 Okutobala 2026. Lachinayi lake, pa 15, ndi Tsiku la Anakubala, tchuthi cha boma ku Malawi, koma ku New York ndi tsiku la ntchito ngati lina lililonse, ndipo mayiwa apemphedwa kugwira. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachinayi agwira maola awo 8. Shifiti ya Lachitatu yatalika ndi maola awiri chifukwa makasitomala anachuluka, moti aweruka 5 koloko m'mawa wa Lachinayi. Ya Lachisanu yatalika ndi ola limodzi, aweruka 4 koloko m'bandakucha wa Loweruka. Maola onse pamodzi ndi 43, ndipo pa nambala imeneyi palibe wotsutsa. Kuti masamu asachuluke, ola lililonse tilipatsa mtengo umodzi wokha, ngakhale makontirakiti ena amapereka zoposa apa.

Kalaliki wa ku New York, potsata zimene anazolowera, aona maola 40 a masiku onse ndi 3 owonjezera. Achulukitsa 40 ndi K6,000, aonjezera K27,000 ya ovataimu, apeza K267,000. Sanabe kanthu mwadala. Kungoti pa kalendala yake palibe tchuthi Lachinayi limenelo.

Njira yachiwiri ndi kudula tchuthi pa wotchi ya ku Malawi: ola lililonse logwiridwa pa 15 Okutobala, kuyambira pakati pa usiku mpaka pakati pa usiku wotsatira, ndi la tchuthi. Shifiti ya Lachitatu inalowa m'tsikuli ndi maola 5, kuchokera 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Ya Lachinayi inagwiramo maola ena 5, kuchokera 6 koloko madzulo mpaka pakati pa usiku, titachotsa ola lopuma. Maola 10 amenewa pa K12,000 ndi K120,000. Onani kuti maola awiri owonjezera a Lachitatu aja agwera m'kati mwa tchuthi. Iwo ndi ovataimu wamba komanso ndi a tchuthi, koma salipidwa mitengo yonse iwiri: amatenga wokwererapo. Ola lowonjezera la Lachisanu ndi K9,000, ndipo maola 32 otsala ndi K192,000. Zonse pamodzi ndi K321,000.

Njira yachitatu, imene malo ambiri a mashifiti amaikonda chifukwa njosavuta, ndi kunena kuti shifiti yonse ndi ya tsiku limene inayambira. Potero shifiti ya Lachitatu yonse ndi ya Lachitatu, ndipo maola ake awiri owonjezera ndi ovataimu wamba. Shifiti ya Lachinayi yonse, maola 8, ndi ya tchuthi, ngakhale atatu mwa iwo agwiridwa Lachisanu litalowa kale. Ndiye kuti K96,000 ya tchuthi, K27,000 ya maola atatu owonjezera, ndi K192,000 ya maola 32, zimene zikwana K315,000.

Kusiyana kwa njira yachiwiri ndi yachitatu ndi K6,000 yokha, ndipo kwachokera pa maola awiri aja basi. Pakadapanda iwo, njira ziwirizi zikadafanana, chifukwa maola atatu a m'bandakucha ndi asanu a madzulo amakwana 8 omwewo. Koma kusiyana kwa njira ziwirizi ndi ya kalaliki wa ku New York sikuchepera K48,000 m'sabata imodzi. Phunziro lake n'lakuti ndalama zambiri sizitayikira pa kudula pakati pa usiku, zimatayikira pa kutsata kalendala ya dziko lolakwika.

Komabe pali masiku ena amene njira ziwiri zija zimatalikirana. Tchuthi chikagwa Lolemba, monga 6 Julayi 2026, kudula pakati pa usiku kumapatsa mayiwa maola 5 okha a tchuthi, popeza Lamulungu usiku sagwira, pamene kutsata tsiku loyambira kumawapatsa 8. Tchuthi chikagwa Loweruka zimatembenuka: njira yodula imawapatsa maola atatu a m'bandakucha, njira inayo siwapatsa kanthu. Palibe njira imene imakomera mbali imodzi nthawi zonse. Chimene chimapweteka wantchito ndi bwana amene amasankha njira mwezi ndi mwezi, atayamba waona imene yatsika mtengo. Mawu a lamulo la Malawi amanena za nthawi yogwiridwa pa tsiku la tchuthi, choncho wolemba ntchito wofuna kugona tulo angatsate tsiku loyambira pa kaundula wake, koma sabata iliyonse ya tchuthi ayerekeze ndi njira yodula, n'kuwonjezera pamene papelewera.

Anzathu a ku South Africa analemba yankho la vutoli m'lamulo lawo la 1997. Kumeneko shifiti ikagwera pa tchuthi ndi pa tsiku lina, yonse imatengedwa kuti ndi ya tchuthi, pokhapokha ngati gawo lalikulu lagwiridwa pa tsiku linalo, ndipo zikatero yonse imakhala ya tsiku linalo. Chimodzimodzi ndi Lamulungu. Amalawi amene ali ku Joni n'kumagwirira makampani a kunja usiku, lamulo lawo ndi limenelo.

Pamene ovataimu imasowa yokha

Tchuthi chimabwera mwa apo ndi apo, koma pali vuto lina limene limachitika sabata iliyonse, ndipo silioneka msanga. Pulogalamu ikatcheredwa kuti idule tsiku lililonse pakati pa usiku wa ku Malawi, n'kumawerenga ovataimu pokhapokha tsiku likapyola maola 8, sabata ya mayi athu imaoneka chonchi: Lolemba maola 5, Lachiwiri 8, Lachitatu 8, Lachinayi 10, Lachisanu 8, Loweruka 4. Zonse pamodzi zikwanabe 43, choncho woyang'ana nambala yapansi yokha adzati zili bwino. Koma ola lowonjezera la Lachisanu lasowa. Lagwera pa Loweruka, tsiku limene lili ndi maola 4 okha, ndipo pulogalamu siona chifukwa cholilipirira mtengo wokwera. Mayiwa anagwira maola 9 m'shifiti imodzi, koma palibe tsiku limene likusonyeza zimenezo.

Pulogalamu yomweyo ingathenso kulakwira mbali inayo. Ikauzidwa kuti Loweruka ndi tsiku lopuma, imalipira maola onse 4 kawiri, kuphatikizapo atatu amene ali mbali ya shifiti ya masiku onse. Kampani ikadzazindikira patapita miyezi, imafuna ndalama zake zibwezedwe, ndipo wantchito amene anazidya kale amaona ngati akumudula malipiro.

Choncho ovataimu wamba iyenera kuyezedwa pa shifiti, osati pa deti. Njira yake ndi kuika malire a tsiku la ntchito pa ola limene munthuyo sakhala akugwira. Kwa mayi athu, tsiku la ntchito lingayambe 12 koloko masana nthawi ya ku Malawi mpaka 12 koloko masana a mawa lake, ndipo shifiti iliyonse idzakhala yathunthu m'tsiku limodzi. Si maganizo achilendo amenewa. Lamulo la South Africa lija, powerenga maola, limati tsiku ndi maola 24 oyambira pa nthawi imene munthu amayambira ntchito masiku onse. Malire omwewo ndi amene ayenera kutsekera sabata ndi mwezi. Pa 30 Sepitembala 2026 panali Lachitatu pa kalendala, ndipo shifiti ya usiku umenewo imathera pa 1 Okutobala. Ngati kaundula wa maola atseka mwezi pa wotchi ina, kalaliki n'kutseka pa wotchi inanso, maola atatu omalizawo angalowe m'miyezi yonse iwiri kapena osalowa ndi umodzi womwe.

Mawotchi akasunthidwa

Ku Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku South Africa wotchi sisuntha chaka chonse: imakhala maola awiri patsogolo pa UTC. Ku madera ambiri a Amereka amaisuntha kawiri pa chaka. Lamulungu lachiwiri la Malichi amaikankhira kutsogolo ndi ola limodzi, ndipo Lamulungu loyamba la Novembala amaibweza. Ku Britain amachitanso chimodzimodzi, koma pa masiku ena, Lamulungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala. Wogwirira kampani ya ku London amakhala patsogolo ndi ola limodzi miyezi ina, maola awiri miyezi ina.

Kwa mayi athu, kusinthaku kudzafika pa 1 Novembala 2026. Kuyambira Lolemba pa 2, New York adzakhala m'mbuyo ndi maola 7, ndipo 12 koloko masana ya kumeneko idzakhala 7 koloko madzulo kuno. Shifiti yawo idzatha 4 koloko m'bandakucha, ndipo maola olipidwa adzagawika 4 mbali ino ya pakati pa usiku, 4 mbali inayo. Ngati kontirakiti inalembedwa pa wotchi ya ku New York, mayiwa ayenera kusuntha nawo. Akapitiriza kuyatsa kompyuta 6 koloko mwa chizolowezi, n'kudikira kuti makasitomala athe, adzakhala akugwira ola lowonjezera usiku uliwonse limene palibe analiloleza, ndipo kulipeza pa malipiro kudzakhala kokakamiza.

Usiku weniweni wa kusinthako uli ndi msampha wake kwa amene amagwira Loweruka usiku pa wotchi ya ku Amereka. Munthu woyamba 10 koloko usiku pa 31 Okutobala n'kuweruka 6 koloko m'mawa, nthawi ya ku New York, papepala wagwira maola 8. Koma 2 koloko ikakwana wotchi imabwerera pa 1 koloko, moti ola limenelo limagwiridwa kawiri. Pa wotchi ya ku Malawi, imene sinasunthe, anayamba 4 koloko m'bandakucha n'kumaliza 1 koloko masana: maola 9, ndipo lachisanu ndi chinayilo ndi ovataimu. M'Malichi zimatembenuka, shifiti yomweyo imakhala ya maola 7. Apa wokhala kwathu kuno ali ndi mwayi, chifukwa wotchi yake yosasuntha ndi mboni yabwino kuposa ya abwana. Ndipo potchera pulogalamu, ndi bwino kusankha dzina la dera, monga America/New_York kapena Africa/Blantyre, kusiyana ndi kulemba nambala yokhazikika ya maola 6, chifukwa dzinalo limadziwa lokha tsiku losinthira pamene nambala sidziwa.

Zolemba m'kontirakiti, zoyang'ana pa malipiro

Zonse tafotokozazi zimakwana m'ndime imodzi yaifupi ya kontirakiti. Inene kuti maola a shifiti alembedwa pa wotchi ya dera liti, ndiponso ngati adzasuntha mawotchi akasunthidwa. Inene ola limene tsiku, sabata ndi mwezi wa ntchito zimayambira. Inene kuti tchuthi ndi cha dziko liti, ndi mmene shifiti yolowa m'tchuthi idzawerengedwere. Ngati pali alawansi ya usiku, inene kuti usikuwo ndi wa kwa wantchito, popeza pa wotchi ya abwana mayi athu amagwira masana, ndipo inenenso ngati ovataimu idzawerengedwa pa malipiro ophatikiza alawansiyo. Pomaliza inene amene amaloleza ovataimu ndi njira yolozezera, chifukwa uthenga umodzi wolembedwa wonena kuti "pitirizani mpaka mzere wa makasitomala uthe" umathetsa mkangano umene kukumbutsana pakamwa sikungauthetse.

Wantchito naye asunge kaundula wakewake, pa wotchi ya kumene ali, deti ndi nthawi pamodzi, kulemba usiku womwewo osati kumapeto kwa mwezi. Pepala la malipiro likabwera, ayambe wayerekeza maola onse pamodzi. Akasiyana ndi maola 6 kapena 7, mawotchi asakanizidwa. Akasiyana ndi ola limodzi m'Malichi kapena m'Novembala, ndi nkhani ya kusuntha wotchi. Akasiyana ndi maola atatu kapena anayi kumapeto kwa mwezi, ndi malire otsekera. Maola akagwirizana koma ndalama n'kuchepa, vuto lili pa mtengo: ayang'ane ngati tchuthi cha kwathu chawerengedwa, ndi ngati shifiti yomaliza ya sabata sinadulidwe pakati. Podandaula kwa kalaliki, atchule shifiti yeniyeniyo, deti lake pa mawotchi onse awiri, maola ake, ndi mtengo umene akuti ndi woyenera. Kalaliki amene sanamvepo za Tsiku la Anakubala la pa 15 Okutobala angakonze K54,000 ija tsiku lomwelo akaonetsedwa masamu ake, ndipo nkhani ikakanika kutha pakati pawo, kaundula yemweyo ndi amene ofesi ya za ntchito ya m'boma idzayambe kufunsa.